Mukasintha Maganizo, Imbani Foni Katundu Asanakwere Galimoto

Amene timayitanitsa katundu ku Lilongwe tili kuno ku Salima, tidziwe kuti oda imathetsedwa mosavuta katundu akadali m'sitolo. Akangokwera lole, ndalama ya mayendedwe yapita, ndipo kumubweza n'kulipiranso ulendo wina wa makilomita pafupifupi 100.

Mwezi watha ndinayitanitsa malata 30 a geji 28, n'kulipiriratu theka pa foni. Madzulo ake kalipentala atayeza denga anapeza kuti malatawo ndi aafupi. M'mawa sitolo itangotsegulidwa ndinaimba foni, ndipo funso langa loyamba linali lakuti, "Bambo, kodi katundu wa pa lisiti yangayi wanyamuka kale?" Atayankha kuti ayi, ndinanena chifukwa chenicheni, kuti muyeso tinalakwitsa ndife. Musanamizire matenda kapena maliro. Chifukwa choona chimathandiza wogulitsa kukupezerani njira ina: ine anandisinthira malata aatali, ndinangowonjezera ndalama.

Musanavomere kuthetsa, funsani kuti adula zingati, ndipo pa ndalama iti, ya katundu yense kapena imene mwapereka kale. Pamenepa ambiri timapusa. Ngati akudula magawo 10 pa 100, pa oda ya K600,000 ndi K60,000, koma pa theka lija ndi K30,000. Malata odulidwa kale pa muyeso wanu ndiye ovuta, ogulitsa ambiri sabweza ndalama chifukwa alibe wina womugulitsa.

Mukagwirizana, tumizani uthenga pa WhatsApp wotchula nambala ya lisiti, nthawi imene munaimba, ndalama yobwezedwa ndi tsiku lake, ndipo ayankhe molemba.