Kutola mawu a pa LinkedIn m'zolengeza za ntchito

"Ndikufuna ntchito yowerengera ndalama m'mabungwe omwe si aboma. Ndiike mawu ati pa LinkedIn kuti olemba ntchito azindipeza?"

Sonkhanitsani zolengeza 8 kapena 10 za miyezi itatu yapitayi, zochokera mu The Nation, The Daily Times ndi pa LinkedIn pomwepo. Zonse zikhale za udindo umodzi. Mukaphatikiza za "Accounts Assistant" ndi za "Finance Manager", mudzatola mawu a udindo womwe simunaufike, ndipo pokufunsani zidzaonekera.

Tengani pepala, mulembe mawu ochokera pa gawo la ntchito zoyenera kugwira ndi la zoyenereza. Pa cholengeza chilichonse chomwe mawuwo apezekamo, ikani kamzere pambali pake. Tinene kuti "bank reconciliation" ali ndi timizere 8, "donor reporting" 6, "QuickBooks" 5, "SAP" kamodzi. Opezeka mu theka la zolengezazo kapena kuposa ndiwo ofunika. "SAP" musiyeni, ndi zofuna za bungwe limodzi lokha. "Team player" ngakhale atadzaza timizere, sathandiza, chifukwa wolemba ntchito safufuza anthu ndi mawu otere.

Kenako fufutani zomwe simuzidziwa, ngakhale zikufunidwa kwambiri.

Otsalawo alembeni ndendende mmene alili m'zolengeza, poti makina ofufuzira nthawi zambiri amayerekeza zilembo. Ngati zolengeza zina zikuti "PAYE" pomwe zina zalemba "Pay As You Earn", ikani zonse ziwiri. Dzina la udindo ndi mawu awiri a timizere tambiri zipite pa "Headline". Enawo alowe pa "Skills" ndi pa "Experience", koma m'ziganizo zosonyeza zomwe munachita, monga kuti mumatumiza PAYE ku MRA mwezi uliwonse.