Momwe mungawerengere ngati kusintha mota yakale ya chigayo kungabweze ndalama

Pa kachitsulo komatidwa pambali pa mota yamakono pamalembedwa gulu lake, IE1, IE2, IE3 kapena IE4, motsatira muyezo wa IEC 60034-30-1. Gululi limasonyeza gawo la magetsi limene limasanduka ntchito, pamene otsalawo amangotenthetsa mota. Pa mota ya makilowati 15 yozungulira pafupifupi ka 1,500 pa mphindi, IE1 imafika 88.7 peresenti, pamene IE3 imafika 92.1. Kusiyanaku kumakula mota ikakhala yaikulu kuposa ntchito yake, chifukwa ikasenza katundu wosafika theka la mphamvu zake imataya gawo lalikulu, makamaka ngati inapsapo n'kukulungidwanso mawaya.

Choyamba, yezani zimene mota ikudya. Zimitsani zina zonse, lembani mayunitsi a pa mita ya ESCOM, gayani ola lathunthu, kenaka muwerengenso. Musadalire maampeya okha, pakuti mota yopepukidwa katundu imakokabe maampeya ambiri osagwira ntchito.

Tiyerekeze chigayo cha ku Lizulu chokhala ndi mota ya makilowati 30 imene yadya mayunitsi 12 pa ola. Tikayerekeza kuti 84 peresenti ya magetsiwo ndiyo imasanduka ntchito, ntchito yeniyeni ndi makilowati 10 okha. Mota ya IE3 ya makilowati 15 ingagwire ntchito yomweyo ndi 10 ÷ 0.92, kutanthauza mayunitsi 10.9, ndipo mwapulumutsa 1.1 pa ola.

Kenaka werengani maola a pachaka, ndipo apa m'pamene ambiri amadzinamiza. Chotsani masiku ozima magetsi, ndipo musatenge miyezi yokolola ngati chaka chonse, poti mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zitatha. Maola 2,400 apulumutsa mayunitsi 2,640. Mtengo wa yuniti muutenge pa lisiti lanu. Pano tingoyerekeza K300, zimene zikupanga K792,000 pachaka.

```
zaka = (mota yatsopano + kuika - kugulitsa yakale) / zopulumutsa pachaka
```

Ngati mota, pule, sitata ndi mmisiri zadya K2,400,000, ndipo yakale mwaigulitsa K400,000, K2,000,000 yotsalayo ibwerera m'zaka ziwiri ndi theka. Maola akangokhala 1,200, zakazo zifika zisanu, ndipo ine ndingadikire kuti yakaleyo ipse kaye.

Musanagule, mmisiri ayeze maampeya pamene chigayo chadzaza kwambiri, chifukwa ola limene munayeza limabisa nthawi zimene wogaya amathira chimanga mopyola muyezo, ndipo mota yochepa kwambiri imangozima kapena kupsa. Achepetsenso malire a chitetezo cha mu sitata kuti agwirizane ndi maampeya olembedwa pa mota yatsopano. Amene akusintha mota ya pampu yamthirira adziwe kuti IE3 imazungulira mofulumirirapo pang'ono, ndipo pampu yopopa ndi mapiko ikathamanga ndi 1 peresenti imafuna mphamvu yoonjezera pafupifupi 3 peresenti, zimene ziyenera kuchotsedwa pa zopulumutsazo.