Fungo la nsomba ndi la mbuzi musamalimbane nalo mofanana

Ambiri kunja kuno tikangomva kafungo pa ndiwo timathamangira ndimu, kaya ndi nsomba kaya ndi mbuzi, finyu finyu basi. Pa nsomba zimagwiradi koma pa mbuzi mukungotha mandimu anu, chifukwa fungo lake limachokera kosiyana.

Nsomba za m'nyanja ya mchere zomwe timagula ku Joni kapena ku UK, monga makerele, karapao ndi heki, zikangofa zimayamba kutulutsa kanthu kena kotchedwa tirayimethilamini, ndiye kafungo kaja kamene kamakakamira m'makatani ndi mujekete mpaka anzanu ku ntchito adziwe zomwe munadya dzulo. Kanthu kameneka kakakumana ndi zowawasa kamasanduka mchere osaulukanso, nchifukwa chake ndimu ndi viniga zimathandiza zenizeni. Koma musanathire chilichonse yambani mwatumbula bwino. Chotsani zopumira zofiira za m'mutu zija, palani kachikopa kakuda ka m'mimba, kenako pitani ndi chala kapena msonga ya supuni pa mzere wa magazi womwe umagona pansi pa fupa la msana. Mzere umenewu ambiri amausiya, ndiye mpomwe fungo limabisala.

Tinene muli ndi makerele atatu ochokera mufiliza. Asungunukire mufiliji usiku onse, osati m'madzi otentha ayi, ndipo madzi omwe atuluke mutaye. Mukatumbula tengani madzi ozizira lita imodzi, masupuni awiri aakulu a viniga woyera kapena madzi a ndimu imodzi, kamchere pang'ono, muviike mphindi 10 mpaka 15. Musapitirire pamenepo poti asidi amayamba "kuphika" nsombayo, muona mnofu ukuyera ngati wapsa kale, ndipo pokazinga izingonyenyeka mupani. Tsukuluzani, pukutani ndi pepala la kukhitchini iume gwa, kenako mupake adyo ndi jinja wosinja m'malo momwe mwacheka. Viniga wabulauni amene ku UK amathira pa tchipisi uja musiyeni, amasiya fungo lakelake.

Tilapiya wa mufiliza wa m'mashopu a amwenye, amene timadzinamiza kuti ndi chambo, iye vuto lake ndi fungo la matope a m'damu momwe anaweteredwa, chimodzimodzi mlamba. Njira ndi yomweyo ya ndimu, kungoti mlamba muyambe mwaupaka mchere wambiri kuti ntchofu yoterera ija ichoke.

Mbuzi tsopano. Fungo lake lili m'mafuta, osati pamwamba pa nyama, ndipo likakhala la tonde wamkulu wosafula limaposa. Ndimu salowa m'mafuta, ndiye mankhwala oyamba ndi mpeni. Dulani mafuta oyera olimba aja mutaye, musawamvere chisoni, ndipo ngati ndi mwendo fufuzani m'mafutamo timibulu totuwa tonga nyemba, nato tichoke. Kubutchala ya halali funsaninso bwino, nthawi zina zomwe akuti mbuzi zimakhala nkhosa yokalamba, ndipo mafuta ake ndi onunkha kuposa.

Pa kilo imodzi, ikani nyama mupoto ndi madzi ozizira, supuni imodzi ya viniga ndi jinja wotalika ngati chala chachikulu wodula mapisi. Iyambire m'madzi ozizira dala kuti magazi atuluke pang'onopang'ono, mukaiponya m'madzi owira kale kunja kumauma zoipa zili mkati. Ikawira mphindi 5 muona thovu lotuwa pamwamba, tayani madzi onsewo, tsukani nyama ndi poto yemwe. Ena amadandaula kuti mwataya msuzi, ayi ndithu, msuzi weniweni umatuluka pa maola awiri akubwerawo. Kenako ikazingeni ifiire, muthire anyezi, adyo timano 5 kapena 6 ndi jinja watsopano. Adyo alowe mochedwa chifukwa akapserera amawawa ndiwo yonse. Adyo ndi jinja sizichotsa fungo kwenikweni, zimangoliphimba, ndiye ngati mafuta simunadule muzimva tonde wothira adyo basi. Jinja ali ndi kaubwino kena, mukamupaka waiwisi pa nyama nkuisiya mufiliji usiku amaifewetsako, ndipo mbuzi zokalamba za kunozi zimafunika zimenezo.

Pali fungo lina lomwe si la ndimu. Nsomba ikamalasa m'mphuno ngati mkodzo, zopumira zasanduka zabulauni, mukaidina chala dzenje osabwerera, kapena nyama ikunanda ndi kuwawasa, yaola imeneyo. Viniga abisa fungo koma m'mimba mutsegula ndithu, ndiye itayeni ngakhale munaigula modula bwanji.