Kalembedwe ka zofunika pa pulogalamu ya pakompyuta kuti zitheke kuyesedwa

Polemba chikalata chofotokoza zimene pulogalamu ya pakompyuta iyenera kuchita, chofunika chilichonse chilembedwe moti munthu amene sanakhale nawo pa zokambirana angathe kuchiyesa n'kunena mosakayika kuti chakwaniritsidwa kapena ayi. Mawu monga "mwachangu", "mosavuta" ndi "motetezeka" ndi amene amautsa mikangano pa tsiku lolandira ntchito, chifukwa wopanga pulogalamu ndi mwini ntchito aliyense amawamva m'njira yake.

Taonani chiganizo ichi: "Pulogalamu iziteteza maakaunti kwa anthu ongolota mawu achinsinsi." Cholinga chake n'chabwino, koma woyesa alibe pogwira. Chilembeni motere: "Mawu achinsinsi olakwika akalembedwa ka 5 motsatizana pa akaunti imodzi, pulogalamu iyenera kutseka akauntiyo kwa mphindi 15 kuyambira pa kulakwitsa kwachisanu."

Apa mayeso akudzionetsa okha. Woyesa alakwitse kanayi kenaka alembe mawu olondola, ndipo ayenera kulowa. Ayambirenso, alakwitse kasanu, ndipo ulendo wachisanu ndi chimodzi akanidwe ngakhale mawuwo ali olondola. Pakatha mphindi 14 akauntiyo ikhale ikadali yotseka, ndipo zikakwana 15 itseguke. Kuyesa m'malire motere n'kofunika chifukwa zolakwika zimakonda kubisala pamenepo: wopanga akalemba `>` pamene panafunika `>=`, akaunti imatsekeka pa kulakwitsa kwachisanu ndi chimodzi, ndipo woyesa amene amangolakwitsa kambirimbiri osawerenga sangazindikire kanthu.

Ngakhale chiganizo chokonzedwacho chikadali ndi mipata, ndipo mudzaiona pokhapokha mukayamba kulemba mayeso ake. Kodi munthu akalowa bwino atalakwitsa kanayi, kuwerenga kuyambirenso pa 0? Nanga akayesanso akaunti ili yotseka, mphindi 15 zija ziyambirenso? Funso lachiwirili si laling'ono ayi, pakuti ngati nthawi izingoyambiranso, munthu wa zolinga zoipa angathe kutsekereza mwini akaunti kunja tsiku lonse. Mayankho ake achokere kwa mwini ntchito, ndipo lililonse lilembedwe ngati chofunika pachokha chokhala ndi nambala yake, kuti mayeso aziloza nambalayo.

Pewaninso kumanga zinthu ziwiri m'chiganizo chimodzi. Mukalemba kuti pulogalamu itseke akaunti ndi kutumiza imelo kwa mwiniwake, ndiye akaunti yatsekeka koma imelo osapita, woyesa adzasowa cholemba. Zimenezi n'zofunika ziwiri.

Pomaliza, gwirizanani za mawu osonyeza kulemera kwa lamulo. Chikalata cha RFC 2119 cha mu 1997, chimene chimatsogolera olemba malamulo a umisiri wa intaneti, chimasiyanitsa MUST, lamulo losaphwanyika, ndi SHOULD, limene lingasiyidwe pakakhala chifukwa chomveka, komanso MAY, zimene wopanga angasankhe yekha. Kutseka akaunti kukhale m'gulu loyambalo, kutanthauza kuti mayeso ake akalephera pulogalamuyo isalandiridwe mpaka itakonzedwa.