Mphindi zisanu musanayambe masamu

Aphunzitsi anzanga, kalasi ikamasokosera, makamaka pochokera ku buleki, musayambe ndi kukalipa. Mawu angokutherani. Ombani m'manja katatu, ana ayankhe chimodzimodzi. Bwerezani mpaka akumbuyo amve.

Kenako muwerenge nawo motsatana kuyambira 1, mwana aliyense nambala imodzi, koma wofika pa nambala ya m'tebulo la 3 asaitchule, angowomba m'manja. Ndiye kuti 1, 2, phwa, 4, 5, phwa. Ubwino wake ndi woti amene akucheza ndi mnzake sadziwa pamene tafika, choncho amatchera khutu yekha. Wina akaphonya musamutulutse m'masewero, poti otulukawo ndi amene amayambitsanso phokoso. Ingoyambiraninso pa 1.

M'kalasi ya ana ambiri, werengani mzere ndi mzere, apo ayi akumbuyo atopa kudikira. A Sitandade 5 kupita m'tsogolo apatseni tebulo la 7. La 3 amalipeputsa.

Musanayambe, lembani kale samu imodzi pa bolodi, monga 24 + 19, kuti kuwomba kukangotha aliyense atsegule kope.