Avereji ya sikolashipu imayezedwa ngati fodya, siiwerengedwa ngati mabelo

Tchuthi chapitachi ndakhala pansi ndi ana atatu a kuno ku Kasungu amene ali ku yunivesite pa sikolashipu. Onse atatu anabwera ndi pepala la zotsatira ali okondwa, ndipo onse atatu analakwitsa chinthu chimodzimodzi. Anawonkhetsa malikisi a makosi asanu, n'kugawa ndi 5, n'kunena kuti avereji yakwana. Mmodzi wa iwo kalata yomuchotsa pa thandizo inali itafika kale kunyumba, iye akadali kutsutsa kuti ku ofesi analakwitsa masamu. Sanalakwitse. Iye ndi amene ankawerenga ngati akadali ku pulayimale, kumene phunziro lililonse limalemera chimodzimodzi.

Ku yunivesite kosi iliyonse ili ndi makirediti ake, nambala yosonyeza kulemera kwa kosiyo. Kosi ya makirediti 4 imakoka avereji kawiri kuposa kosi ya makirediti 2. Zimenezi zimalembedwa pa pepala lomwelo la zotsatira, pafupi ndi dzina la kosi, koma maso a mwana amalumpha n'kukagwera pa malikisi. Ndipo makosi olemerawo nthawi zambiri ndi omwe aja ovuta, Masamu ndi Kemisitiri, pamene opepuka ndi aja amene aliyense amakhoza bwino. Ndiye kuwerenga kolakwikaku kumamunamiza mwana mbali imodzi yokha. Kumamuuza kuti ali pamwamba pamene ali pansi.

Tiyeni titenge mtsikana wa cha ku Santhe, amene nkhani yake ikadali yotheka kuikonza. Kalata ya amene amamulipirira fizi imati apeze avereji ya 65 pa chaka chonse, powerengera makirediti, kuti thandizo lipitirire. Semesita yoyamba anapeza 54 pa Kemisitiri ndi 57 pa Masamu, onse a makirediti 4. Pa Bayoloje, ya makirediti 3, anapeza 64. Pa Chingerezi anapeza 78 ndipo pa Kompyuta 77, onse a makirediti 2. Iye anawonkhetsa n'kupeza 330, n'kugawa ndi 5, n'kutuluka 66. Anauza bambo ake kuti wapitirira ndi limodzi, semesita yachiwiri akangopeza 64 basi zatheka.

Tinawerenganso limodzi pa kakuleta wa pafoni yake. Malikisi a kosi iliyonse timachulukitsa ndi makirediti ake. Kemisitiri yapereka 216, Masamu 228, Bayoloje 192, Chingerezi 156, Kompyuta 154. Zonse pamodzi ndi 946, ndipo makirediti onse ndi 15. Mukagawa mupeza 63.07. Sali pamwamba ndi limodzi ayi, ali pansi ndi pafupifupi awiri. Akanapita kusukulu ndi maganizo a 64 aja, n'kuipezadi 64 yeniyeniyo, akanamaliza chaka ali pa 63 ndi theka, atachita ndendende zimene anadziuza, thandizo n'kutha.

Bambo ake, amene ndi mlimi wa fodya, anakhala chete nthawi yonseyi, kenako anayamba kuseka chapansipansi. "Alangizi, zimenezi ine zinandichitikirapo ku Chinkhoma," anatero. Chaka china anatumiza mabelo awiri ku okushoni. Limodzi linali la makilogalamu 100 a fodya wam'munsi, linagulidwa pa dola 1.20 pa kilogalamu. Linalo linali laling'ono, la makilogalamu 40 a tsamba labwino, linagulidwa pa madola 2.80. Atamva mitengo pafoni anaiphatikiza n'kugawa pawiri, n'kupeza madola 2. Anachulukitsa ndi makilogalamu 140, n'kuyamba kulonjeza anthu ake aganyu ndalama za madola 280. Pepala la malonda litabwera linali ndi 232, zodula zisanachotsedwe. "Belo lalikulu ndi limene linalamula mtengo, mwanawe," anamuuza mwana wakeyo, "kabelo kabwino kaja kanangondikometsa m'khutu." Anapitiriza kufotokoza za transipoti ndi chiguduli cha chaka chimenecho mpaka ndinachita kuwabweza, koma masamuwo anawagwira msanga kuposa mwana wa ku yunivesite.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mtengo wa kulakwitsa kumeneku ndi waukulu kuposa kulakwitsako. Mwana sanalephere mayeso. Wakhoza kosi iliyonse, sukulu yamulola kupita chaka chotsatira, palibe sapu, mayeso obwereza aja a amene walephera kosi, palibenso kuchotsedwa sukulu. Koma malikisi okhozera a sukulu ndi avereji ya sikolashipu ndi mipanda iwiri yosiyana, ndipo wachiwiriwu ndi wautali. Akaugwera, fizi ya chaka chonse, lendi ya hositelo ndi chakudya zimagwera banja limene linali litawerengera kale kuti ndalama ya fodya kapena ya soya ipita ku feteleza. Kalatayo imabweranso mochedwa, zotsatira za semesita yachiwiri zitatuluka, ndipo mwana amene ankadziona wotetezeka sanafunsire n'komwe ngongole ya boma ya ophunzira pa nthawi yake. Ndaona ng'ombe yokoka ngolo ikugulitsidwa pa chifukwa cha malikisi awiri.

Ndipo makolo nanu muli ndi mbali yanu. Funso lanu ndi limodzi chaka ndi chaka: "Wakhoza?" Mwana akati eya, nkhani yatha, nkhuku yaphedwa. Kalata ya sikolashipu inasungidwa m'sutikesi pamodzi ndi makadi a kusikelo kuyambira tsiku limene inafika, palibe anaitsegulanso. Chizolowezi chomayembekeza kuti tidzaona zotsatira zikatuluka n'chimodzimodzi kuthira feteleza wobereketsa chimanga chitamasula kale ngayaye. Ine ndatopa nacho, kumunda ndi kusukulu komwe.

Tibwerere kwa mtsikana uja. Semesita yachiwiri alinso ndi makirediti 15, ndiye chaka chonse ndi 30. Kuti avereji ikhale 65 pamafunika 30 kuchulukitsa ndi 65, yomwe ndi 1,950. Ali nazo kale 946. Ngongole yake ya malikisi ndi 1,004, ndipo mukaigawa ndi makirediti 15 otsalawo mupeza 66.9. Imeneyo ndi 67, chifukwa pa nkhani iyi timakweza nthawi zonse, sititsitsa. Kusiyana kwa 64 ndi 67 kumaoneka kochepa pa pepala, koma aliyense amene analembapo mayeso a Masamu akudziwa kuti malikisi atatu pa kosi iliyonse ndi masabata a kuwerenga.

Tsono 67 sikutanthauza kuti apeze 67 paliponse. Palibe mwana amakhoza mofanana makosi onse. Ngongole ya 1,004 ija timaigawa molingana ndi mphamvu zake. Makosi awiri opepuka, a makirediti 2 iliyonse, iye anati apezanso 78. Ine ndinakana kulemba 78. Amenewo ndi malikisi a tsiku labwino, ndipo munthu sapanga bajeti pa mtengo wa belo lake labwino koposa. Tinachotsa 5 n'kulemba 73, zomwe zikupereka 292 pa makosi awiriwo. Kosi ya makirediti 3 tinaika 66, pafupi ndi pamene anafika pa Bayoloje, yapereka 198. Tikachotsa zimenezi pa 1,004 patsala 514, ndipo zimenezi ziyenera kuchokera ku Masamu ndi Kemisitiri, makirediti 8 pamodzi. Ndi 64.25, kutanthauza 65 pa kosi iliyonse. Mtsikanayo anayang'ana 54 ndi 57 zake za semesita yoyamba, nkhope inagwa. Koma ndi bwino igwe tsopano, semesita ikadalipo.

Pali sitepe ina imene ana amaiiwala. Malikisi a kosi si a mayeso omaliza okha. Pa makosi akewa, ntchito za mkati mwa semesita, ma asainimenti ndi matesiti, zimatenga 40, mayeso omaliza 60. Titalankhulananso pafoni semesita ili mkati, anali ndi 26 pa 40 ku Kemisitiri ndi 22 pa 40 ku Masamu. Kuti Masamu afike 65 akusowa 43 pa 60, ndiye kuti pa pepala la mayeso lolembedwa pa 100 apeze 72. Kwa iye zimenezo n'zokayikitsa. Koma poti makosi awiriwa amalemera mofanana, akhoza kusenzetsana katundu. Tinakweza Kemisitiri kufika 68 n'kutsitsa Masamu kufika 61. Kuchulukitsa ndi 4 zikupereka 272 ndi 244, pamodzi 516, zapitirira 514 ija. Pa mayeso ndiye kuti Kemisitiri akufunika 42 pa 60, yomwe ndi 70 pa 100, ndipo Masamu 39 pa 60, yomwe ndi 65 pa 100. Manambala awiri amenewa ndi amene anawalemba pa chikuto cha kope lake.

Onani bwino kuti kusinthanaku kumayenda chimodzi kwa chimodzi pokhapokha makirediti ali ofanana. Likisi limodzi lotayika pa kosi ya makirediti 4 limafuna awiri pa kosi ya makirediti 2 kuti libwezedwe. Mwana amene watsika ndi 6 pa Masamu n'kumati ndikabweza pa Chingerezi, akunena kuti akakwera ndi 12 pa kosi imene ali kale pafupi ndi denga lake. Sizichitika. Komabe usiku wa mayeso mumupeza akuwerenga kosi yopepukayo chifukwa ndi imene imamukoma.

Zochita ndi zochepa, ndingozitchula. Tulutsani kalata ija lero muone ngati avereji ndi ya semesita, ya chaka, kapena ya zaka zonse chiyambire, chifukwa ikakhala ya zaka zonse makirediti akale onse amalowa m'masamu. Funsani amene amalipira, molemba, ngati 64.6 amaikweza kukhala 65. Mpaka atayankha, itengeni ngati 64. Ngati sukulu yanu imasandutsa malikisi kukhala magiredi okhala ndi mapointi, chulukitsani mapointiwo ndi makirediti m'malo mwa malikisi, ndipo yang'anani malire a giredi, chifukwa pamenepo likisi limodzi likhoza kugwetsa giredi yonse. Onaninso m'buku la malamulo a sukulu kuti kosi yokhozedwa pa sapu imalembedwa malikisi angati, poti kumene amangolemba malikisi okhozera, sapu imakupulumutsani ku sukulu koma imamiza avereji. Bwerezani masamuwa tesiti iliyonse ikabwera. Ndipo akakuonetsani kuti mukufunika 90 pa pepala la Masamu, kapena nambala yopitirira 100, lemberani a sikolashipu sabata yomweyo, mufotokoze ngati panali matenda kapena maliro pamodzi ndi zikalata zake, ndipo mufunsire thandizo lina fomu zisanatsekedwe.