Momwe mungalembetsere dzina lamakolo ndi laubatizo pa zikalata zaboma popanda chisokonezo

Munthu akhoza kukhala Tiyamike kwa agogo ake ndi Agnes kutchalitchi, palibe wodabwa. Vuto limabwera akafika pa ofesi. Mlembi amayang'ana zilembo zokha, ndipo kwa iye Tiyamike Phiri ndi Agnes Phiri ndi anthu awiri. Mayina onse awiri akhoza kukhala pa chikalata chimodzi bwinobwino, bola alembedwe motsatana chimodzimodzi ndiponso ndi zilembo zomwezo paliponse.

Choyamba, dziwani chikalata chimene chili muzu. Kumene boma limalembetsa ana obadwa, muzu wa dzina ndi kaundula wa obadwa ndi chiphaso chobadwira chochokera m'menemo. Kadi yaubatizo ndi umboni wabwino, koma ndi ya mpingo. Ubatizo pawokha susintha zimene boma lidalemba. Mwana amene adalembetsedwa ali ndi milungu iwiri kuti Tiyamike Phiri, n'kubatizidwa patatha miyezi isanu ndi umodzi kuti Agnes, kuboma akadali Tiyamike Phiri mpaka wina atakapempha kuti dzinalo liwonjezedwe. Ambiri amakodwa pomwepa, chifukwa kusukulu amamulembetsa ndi dzina la pakadi yaubatizo, mayeso amalemba ndi lomwelo, ndipo kusiyanako kumaonekera pofuna pasipoti kapena ntchito.

Mayina awiri m'buku limodzi si chinthu chachilendo kumpingo. Malamulo a Mpingo wa Katolika a mu 1917, pa lamulo 761, ankauza wansembe kuti ngati makolo sadapereke dzina lachikhristu, iye awonjezere dzina la munthu woyera n'kulemba mayina onse awiri m'buku la obatizidwa. Malamulo a mu 1983, pa lamulo 855, adafewetsa: dzina lisangokhala lotsutsana ndi chikhristu. Choncho kholo lobatiza mwana lero likhoza kupempha kuti dzina lamakolo lilowe m'bukumo, ndipo n'kwanzeru kutero, kuti buku la mpingo ndi la boma anene chimodzi kuyambira pachiyambi.

Kenaka tulutsani mapepala onse muwayale patebulo: chiphaso chobadwira, kadi yaubatizo, masetifiketi asukulu, chiphaso cha unzika, pasipoti, laisensi, kalata yaukwati, mapepala a kubanki ndi a penshoni. Papepala lapadera koperani dzina monga lilili pa chilichonse, chilembo ndi chilembo. Tiyerekeze kuti kwa Tiyamike wathu zatuluka motere. Chobadwira chikuti Tiyamike Phiri. Kadi yaubatizo ikuti Agnesi Tiyamike. Setifiketi yasukulu ikuti Agnes Phiri. Kubanki adalemba Agnes T. Phiri. Pali zolakwika zinayi zosiyana: dzina limodzi lasowa, mayina asinthana malo, kalembedwe kasiyana (Agnes ndi Agnesi), ndipo dzina lafupikitsidwa kukhala chilembo chimodzi. Pa kadi yaubatizoyo palinso msampha wina: poti Tiyamike walembedwa kumapeto, mlembi wina adzamutenga ngati dzina labanja.

Tsopano sankhani dzina lathunthu limodzi. Mafomu ambiri ali ndi mipata iwiri kapena itatu: wa dzina labanja, wa dzina loyamba, ndi wa mayina ena. Lamakolo ndi laubatizo onse ndi mayina a munthu mwiniyo, ndiye palibe lolowa mumpata wa dzina labanja. Liyambe liti? Apa musatsate mtima wokha. Yang'anani chikalata chovuta kwambiri kusintha. Ngati dzina lamakolo ndilo lili pa chiphaso chobadwira, njira yachidule ndi kulisiya patsogolo n'kuwonjezera laubatizo pakati: Tiyamike Agnes Phiri. Kuwonjezera dzina kumasiya chingwe cholumikiza mapepala onse akale, chifukwa pa lirilonse pali dzina limodzi lopezeka mu dzina lathunthulo. Kufufuta lina kumadula chingwecho, ndipo setifiketi ya Agnes imatsala yopanda mwini.

Pa kalembedwe, tengani kamene kali pa mapepala aboma ndi a mayeso, osati kamene mumatchula pakamwa. Yohane ndi John ndi dzina limodzi m'Baibulo, koma pakompyuta si limodzi. M'maparishi ena mabuku akale adalembedwa m'Chilatini, moti mukhoza kupezamo Joannes. Zimenezo si zoti muthamange kukasintha chiphaso, zimafotokozedwa m'kalata.

Kalatayo ndiyo sitepe yotsatira. Pitani kuparishi kapena kumpingo kumene mudabatizidwa, osati kumene mukupemphera pano, chifukwa buku limakhala komwe ubatizo udachitikira. Pemphani kuti akukopereni zolembedwa m'bukumo, ndi siginecha ndi chidindo. M'mabuku a Akatolika mumalembedwa dzina la wobatizidwa, makolo, omuimira paubatizo, malo ndi tsiku la ubatizo, komanso tsiku ndi malo obadwira. Mayina a makolo ndi tsiku lobadwa ndizo zofunika kwambiri, pakuti ndizo zimasonyeza kuti Agnesi wa m'bukumo ndi Tiyamike wa pachiphaso. Ngati masiku obadwa akusiyana, yambani mwakonza zimenezo. Dzina losiyana limodzi ndi tsiku losiyana sizidutsa pa ofesi mosavuta.

Mukatero lembetsani kalata yolumbira pamaso pa loya kapena wina wololedwa kulumbiritsa anthu. Itchule dzina lirilonse monga lidalembedwera, chikalata chimene lilipo ndi nambala yake, inene kuti onsewo ndi munthu mmodzi, ndipo itchule dzina lathunthu limene mudzagwiritse ntchito. Dziwani malire ake. Kalata yolumbira imalongosola kusiyana, koma sisintha kaundula. Kukonza chilembo chimene mlembi adalakwitsa ndi kwina, kuwonjezera dzina limene silidalembedwepo ndi kwinanso, ndipo chachiwirichi m'maiko ambiri amachitenga ngati kusintha dzina, chokhala ndi fomu ndi malipiro akeake. Funsani ku ofesi ya kaundula wa obadwa kuti nkhani yanu ili mbali iti musanalipire kalikonse. Kwa mwana wamng'ono amapempha ndi makolo kapena womulera, ndipo zimapepuka kwambiri akakhala asanalembe mayeso aboma.

Sinthani motsatana kuchokera ku muzu: chobadwira, chiphaso cha unzika, pasipoti, kenaka laisensi, banki ndi kuntchito. Woyambira kubanki amabwezedwa, popeza banki imakopera pa chiphaso. Masetifiketi akale asukulu nthawi zambiri salembedwanso, ndiye sungani kalata yolumbira pamodzi nawo, ndipo potumiza makope muziyikapo.

Pasipoti ikatuluka, musangoyang'ana chithunzi. Pansi pa tsambalo pali mizere iwiri yowerengedwa ndi makina, uliwonse wa malo 44, ndipo dzina lapatsidwa malo 39 pamzere woyamba. La Tiyamike liyenera kuoneka chonchi:

```
PHIRI<<TIYAMIKE<AGNES<<<<<<<<<<<<<<<<<<
```

Zizindikiro ziwiri za << zimalekanitsa dzina labanja ndi enawo, ndipo chimodzi chimalekanitsa dzina ndi linzake. Mukaona dzina lamakolo lili kumanzere kwa << pamodzi ndi labanja, ndiye kuti lalowa mumpata wolakwika. Bwezani pasipotiyo akonze musanapemphere viza. Musadabwe ndi zina: mumzerewu Ng'oma amalembedwa NGOMA, ŵ amakhala W, ndipo mayina opitirira malo 39 amadulidwa. Pogula tikiti yandege koperani mayina motsatana monga alili mumzerewu, ngakhale kunyumba palibe amene amakuitanani ndi loyambalo.